Kutukwana mayi

Kutukwana mayi ndi kunyoza munthu potchula mayi wake, kawirikawiri ziwalo zawo zobisika kapena kuwanena kuti ndi achiwerewere. Mitundu yambiri ya anthu ili ndi chitukwano chotere, ndipo ena amatchula mlongo m'malo mwa mayi. Pa masewero omaliza a World Cup a 2006 ku Berlin, Zinedine Zidane wa ku France adagunda ndi mutu pachifuwa Marco Materazzi wa ku Italy, ndipo adamutulutsa m'bwalo. Materazzi adavomera pambuyo pake kuti adanena za mlongo wake wa Zidane.

M'Chichewa chipongwe chimayambira pa liwu lomwe. "Amayi anu" ndi ulemu, koma "amako" wonenedwa mokalipa ndi wokwanira kuyambitsa ndewu, ngakhale wonenayo asanatchule chiwalo chilichonse.

Chifukwa chake chimaoneka bwino m'midzi ya ku Chileka ndi Lirangwe, m'boma la Blantyre. Mabanja ambiri kumeneko, a Chimang'anja, Chiyao ndi Chilomwe, amawerenga mtundu kuchikazi. Mwana ndi wa mbumba ya mayi wake, ndipo munda ndi malo omangapo nyumba amazipeza kudzera mwa mayiyo. Choncho wotukwana mayi wanyoza mbumba yonse pamodzi ndi amalume, amene ndi mwini mbumba. Chinanso n'chakuti mayi wotchulidwayo nthawi zambiri sakhalapo kuti adziyankhire. Mwana akangokhala chete pagulu amaoneka ngati wavomereza, n'chifukwa chake ambiri amayankha ndi chibakera.

Mlandu umakula kwambiri ngati wotukwanayo ndi mkamwini. Mwamuna amene wakangana ndi mkazi wake n'kumutukwanira mayi, watukwana apongozi ake, amene mwambo umati aziwapatukira ngakhale panjira, komanso ali pamudzi pawo ndipo akudya za m'munda mwawo. Mkazi amakanena kwa ankhoswe ake, iwo amaitana ankhoswe akuchimuna. Zikakanika, nkhani imapita kubwalo la nyakwawa. Kumeneko amafunsa mboni kuti mawu enieni anali otani, ananenedwa pamaso pa ndani, ndiponso ngati anali koyamba. Wolakwa amapepesa ndi kulipira chindapusa, monga nkhuku, mbuzi kapena ndalama. Kunena kuti unali mowa sikufafaniza mlandu, ndipo wobwereza akhoza kupitikitsidwa pamudzi.

Si kutukwana konse kumene kumafika kubwalo. Asuweni amanyozana mwanthabwala popanda wokwiya, ndipo anyamata ogwirizana amaponyerana "amako" pampira n'kuseka. Mawu omwewo akachoka kwa mlendo, kapena akanenedwa mayiyo atangomwalira kumene, nthabwala palibe.

Malamulo a dziko la Malawi nawonso amaletsa. Gawo 182 la Penal Code limakamba za mawu achipongwe amene angasokoneze mtendere, ndipo gawo 137(3) limakamba za kunyoza ulemu wa munthu wamkazi. Milandu imeneyi imazengedwa kukhoti la majisitireti.