Kugulitsa masheya atsopano kwa eni masheya akale

Iyi ndi njira imene kampani imapezera ndalama popatsa eni masheya ake mwayi woyamba wogula masheya atsopano pamtengo wotsika, molingana ndi masheya amene ali nawo kale.

Tiyerekeze kuti kampani ili ndi masheya 4,000,000 ogulidwa K50 pamsika, ndipo ikugulitsa sheya imodzi ya K30 pa masheya anayi alionse. Anayiwo ndi K200. Kuwonjezapo K30 zikwana K230. Tikagawa ndi 5 tipeza K46, mtengo woyembekezeka masheya atsopano akalowa. Ndi wapapepala chabe, pakuti msika ukhoza kuukweza kapena kuutsitsa. Wogula sataya kanthu, koma wongokhala osagula, osagulitsanso mwayi wake, amaluza K4 pa sheya iliyonse.

M'mabuku a kampani K46 silembedwamo. Masheya atsopano 1,000,000 amabweretsa K30,000,000. Ngati mtengo wolembetsedwa wa sheya ndi K10, K10,000,000 imalowa ku kapito ya masheya, ndipo K20,000,000 yotsalayo imapita ku pulimiyamu, thumba la ndalama zapamwamba pa mtengo wolembetsedwawo. Ophunzira ambiri amalakwitsa pano powerengera pulimiyamu kuchokera pa K50 kapena K46 m'malo mwa K30.