Mpando Umene Mneneri Anasiya: Ciyambi ca Asuni ndi Ashiya

Mneneri Muhamadi anamwalira m'mzinda wa Madina mwezi wa Juni caka ca 632, m'nyumba ya mkazi wace Aisha. Anasiya mafuko ambiri a Arabiya ali pansi pa cipembedzo cimodzi, cinthu cimene sicinaonekepo kale. Koma sanasiye mwana wamwamuna, pakuti ana ace aamuna onse anamwalira ali aang'ono. Asilamu anali a mtima umodzi pa mau akuti uneneri watha ndi iye, ndipo sadzaukanso mneneri wina. Koma Muhamadi analinso woweruza milandu, mtsogoleri wa nkhondo ndi wolandira zopereka za mafuko. Nchito zimenezi sizikadaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wace. Tsono funso linali lakuti: adzazigwira ndani, ndipo adzamsankha ndani?

Msonkhano wa pakhonde

Asilamu a ku Madina anali magulu awiri. Ena anali ocokera ku Maka, a fuko la Kuraishi, amene anasamuka pamodzi ndi Mneneri caka ca 622. Ena anali eni mudzi amene anawalandira, ochedwa Ansari, ndiko kuti athandizi. Mtembo usanaikidwe, akulu a eni mudzi anasonkhana pa khonde lofolera la banja la Saida, malo amene mbiri iwachula Sakifa, ndi colinga ca kuika mmodzi wa iwo, Saadi mwana wa Ubada. Anali ndi mantha kuti alendo adzawalamulira m'mudzi wao womwe.

Abubakari, Umari ndi Abu Ubaida atamva za msonkhanowo anathamangira komweko. Abubakari anayamba ndi kuyamika eni mudzi cifukwa ca zonse anacitira Mneneri. Pambuyo pace anawaonetsa kuti mafuko a Aarabu sadzamvera munthu wosakhala wa Kuraishi. Mmodzi wa eni mudzi anati kukhale atsogoleri awiri, wa mbali iyi ndi wa mbali iyo, koma mau awa anakanidwa. Phokoso litakula, Umari anagwira dzanja la Abubakari nalumbira kummvera, ndipo ena anatsatira. M'mawa mwace khamu linabwereza lumbirolo mumzikiti. Abubakari anachedwa khalifa, kutanthauza wolowa m'malo.

Pa msonkhano wa pakhonde panalibe mmodzi yense wa banja la Mneneri. Ali mwana wa Abu Talibu anali m'nyumba ya maliro, alikusambitsa mtembo. Atate wace wa Ali ndi atate wace wa Muhamadi anali pacibale. Ali anakulira m'nyumba ya Muhamadi, anali mmodzi wa oyamba kukhulupirira, nakwatira Fatima mwana wace, amene anambalira Hasani ndi Huseni. Mabuku a Asuni omwe anena kuti Ali sanapereke dzanja lace kwa Abubakari kufikira Fatima atamwalira, patapita miyezi ngati isanu ndi umodzi. Fatimayo anamwalira ali wokwiya ndi Abubakari cifukwa ca minda ya ku Fadaki, imene iye anaiyesa colowa cace. Khalifa anamkaniza, nati anamva kwa Mneneri kuti aneneri sasiya colowa.

Mboni ziwiri

Mbali iriyonse iri ndi cinthu cimene Mneneri anacita m'miyezi yace yotsiriza, cimene iciyesa umboni. Asuni akumbukira kuti pamene matenda anamkulira, anauza Abubakari kuti atsogolere mapemphero m'malo mwace. Iwo ati Mneneri sanachule munthu wolowa pampando, koma anasiya nkhaniyo m'manja mwa mpingo, ndipo mpingo unasankha yemwe iye anamuika patsogolo pa mapemphero.

Ashiya akumbukira za pa dziwe la Khumu. Mwezi wa Marici 632, pocokera ku ulendo wace wotsiriza wa ku Maka, Mneneri anaimitsa anthu pamenepo, natukula dzanja la Ali, nanena kuti Ali ndiye maula wa munthu aliyense amene iye mwini ali maula wace. Asuni ambiri sakana kuti izi zinacitika, pakuti ziri m'mabuku ao omwe. Mkangano uli pa liu limodzi lija la Ciarabu, lokhala ndi matanthauzo angapo: mbuye, mtetezi, bwenzi. Ashiya alimasulira kuti mbuye, nati tsikulo Ali anaikidwa poyera mwa lamulo la Mulungu. Asuni alimasulira kuti bwenzi, nati Mneneri anali kumchinjiriza Ali kwa asilikali amene anamdandaulira pa ulendo wa ku Yemeni. Ngati kumasulira koyamba kuli koona, a pakhonde aja analanda mpando wa mwini. Ngati kwaciwiri, iwo anapulumutsa mpingo pa tsiku loopsa. Zoopsazo zinalipodi, popeza mafuko ambiri anakana kupereka ku Madina, ndipo Abubakari anawagonjetsa ndi nkhondo m'zaka za 632 ndi 633.

Ali apitiriridwa kawirinso

Abubakari pomwalira mu 634 anachula Umari. Umari atalasidwa ndi mpeni mu 644 anaika amuna asanu ndi mmodzi kuti asankhane okha, ndipo potsiriza anatsala Ali ndi Usumani. Mbiri isimba kuti woweruza wao, Abdurahamani mwana wa Aufu, anafunsa onse awiri ngati adzatsata Kurani, njira ya Mneneri, ndi macitidwe a makhalifa awiri oyamba. Usumani anabvomera msanga. Ali anati adzacita monga mwa nzeru ndi mphamvu zace. Mpando unapita kwa Usumani.

Usumani anali wa banja la Umaya, limene akulu ace ambiri analimbana ndi Mneneri kufikira Maka atagonja. Anaika abale ace kulamulira maiko ogonjetsedwa, madandaulo nacuruka, ndipo mu 656 opanduka analowa m'nyumba yace namupha. Pamenepo anthu a ku Madina anaika Ali, patapita zaka 24 cimwalirire Mneneri. Koma analandira mpando wothimbirira ndi mwazi. Aisha, Talha ndi Zubairi anamuukira, nagonjetsedwa pafupi ndi Basara caka comweco, pa nkhondo yochedwa ya Ngamila. Muawiya, mbale wa Usumani ndi wolamulira wa Siriya, anakana kummvera kufikira akupha aja atalangidwa. Anakomana ku Sifini, m'mbali mwa mtsinje wa Firate, mu 657. Nkhondo itafika pobvuta, asilikali a Siriya anakweza masamba a Kurani pa nsonga za mikondo, kupempha kuti Buku liweruze. Ali anakakamizidwa ndi anthu ace kulola akhalapakati. Ena mwa anthu omwewo anamsiya cifukwa ca kulolako, ndipo mmodzi wa gulu lao anamkantha ndi lupanga mumzikiti wa mzinda wa Kufa, ku Iraki, mu 661. Hasani analeka mpando kwa Muawiya kuti mwazi uleke kukhetsedwa. M'zaka zimenezi anthu a Ali anachedwa shiya ya Ali, ndiko kuti gulu la Ali, ndipo dzina la Ashiya licokera pamenepo.

Karibala

Kufikira apa unali mkangano wa mpando. Cimene cinaulowetsa m'mitima ndico imfa ya Huseni. Muawiya asanamwalire mu 680 anakakamiza anthu kulumbira kwa mwana wace Yazidi, ndipo ukhalifa unasanduka ufumu wa banja limodzi. Huseni anakana lumbirolo napita ku Maka. Kumeneko analandira makalata ambiri ocokera ku Kufa, omuitana kuti adzawatsogolere. Anatuma mbale wace Musilimu mwana wa Akili kukaona ngati mauwo ali oona, ndipo anthu zikwi analumbira pamaso pace. Koma wolamulira watsopano, Ubaidula mwana wa Ziyadi, anaopseza akulu a mafuko. Khamu lija linabalalika, Musilimu nagwidwa naphedwa.

Huseni anamva mbiriyo ali kale panjira, pamodzi ndi akazi ndi ana. Apakavalo anamtsekera njira, namuimitsa m'cigwa ca Karibala. Kunafika asilikali ngati 4,000, amene anatseka njira ya ku Firate, kotero kuti a m'misasa anakhala masiku atatu osatunga madzi. Anauzidwa kuti adzipereke popanda pangano lirilonse, iye nakana. Pa tsiku lakhumi la mwezi wa Muharamu, 10 Okotobala 680, anaphedwa pamodzi ndi amuna ace, amene mwambo uwerenga kuti anali 72. Mutu wace unatengedwa kunka kwa olamulira. Mlongo wace Zainabu ndi mwana wace Ali, amene sanamenye nao nkhondo cifukwa ca matenda, anatengedwa ukapolo kufikira ku Damasiko.

Manyazi anagwira anthu a ku Kufa, amene anaitana mdzukulu wa Mneneri namsiya yekha. Ena a iwo anadzicha Olapa, natuluka kukalipsira mwazi wace, ndipo ambiri anaphedwa mu 685. Kuyambira masiku amenewo kukonda banja la Ali kunasanganizika ndi cisoni ndi kulapa. Kufikira lero Ashiya alira maliro a Huseni caka ndi caka pa tsiku la Ashura. Asuni naonso alemekeza Huseni, nayesa imfa yace coipa cacikulu. Koma samangapo ciphunzitso.

Khalifa ndi imamu

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti pa tsiku la Sakifa panali kale Asuni ndi Ashiya monga adziwika tsopano. Ziphunzitso zao zinakhwima pang'onopang'ono pa zaka mazana awiri kapena atatu. Pakati pa otsata banja la Ali, makamaka m'masiku a Jafari Sadiki, amene anamwalira mu 765, panakhazikika cikhulupiriro cakuti mtsogoleri woona ndiye imamu wa mbumba ya Ali ndi Fatima, wochulidwa ndi imamu womtsogolera, wosungidwa ku zolakwa, wodziwa tanthauzo lobisika la Kurani. Munthu wotere akhala imamu ngakhale alibe asilikali kapena mpando. Gulu lalikulu la Ashiya liwerenga maimamu khumi ndi awiri, nilikhulupirira kuti wotsiriza anabisika mu 874 ndipo adzabweranso.

Asilamu ocuruka anatsata njira yina. Kwa iwo khalifa ndiye msungi wa malamulo ndi wa malire a dziko, munthu wokhoza kulakwa. Nzeru ya cipembedzo iri m'Kurani ndi mu suna, ndiyo njira ya Mneneri, monga aphunzitsi aisunga ndi kuifotokoza. Anadzicha anthu a suna ndi a mpingo. Ngakhale iwo sanagwirizane msanga za Ali. Kunali m'masiku a Ahamadi mwana wa Hambali, amene anamwalira mu 855, pamene kunakhazikika kuwerenga makhalifa anai olungama, Ali ali wacinai.

Lero Ashiya ndiwo ngati Msilamu mmodzi mwa asanu ndi atatu kapena khumi. Acuruka ku Iraki ndi ku Irani, kumene mafumu anakhazikitsa Cishiya kuyambira mu 1501. Asilamu ambiri a ku Zambia ndi ku Malawi ali Asuni, monga amalonda a ku gombe la kum'mawa amene anayamba kufika naco Cisilamu. Onsewa ali ndi Kurani imodzi, Mneneri mmodzi, ndipo popemphera ayang'ana ku Maka komweko. Cimene asiyana ndico yankho la funso lija linafunsidwa pakhonde, mtembo uli m'nyumba.