Maola a tonse ndi maola odzisankhira: tilembe bwanji lamulo la nthawi mu ofesi?

Maofesi ena ayamba kulola antchito awo kusankha okha nthawi yolowera ndi yowerukira, bola akwanitse maola a tsikulo ndipo apezeke onse pamodzi pa maola ena oikika. Dongosololi si lachilendo padziko. Linayamba kudziwika mu 1967 pa kampani ina yopanga ndege ku Ottobrunn, pafupi ndi mzinda wa Munich ku Germany, komwe antchito ankapanikizana pamsewu chifukwa cholowa ndi kuweruka nthawi imodzi. Amene amalimbirana minibasi m'mawa kuchokera ku Bangwe kapena ku Area 25 akulidziwa bwino vutolo. Koma dongosolo lotere limaima kapena kugwa ndi mawu a chidziwitso chimene bwana wamata pakhoma. Chikalembedwa m'Chichewa chongokutira maganizo a Chingerezi, aliyense amachimva mwake, ndipo pakutha pa mwezi ufulu uja umasanduka mkangano.

Tiyambe ndi dzina. Ena amalemba kuti "nthawi yosinthasintha". Chinthu chosinthasintha n'chosakhazikika, ndipo wowerenga angaganize kuti bwana azisintha nthawi mmene wafunira, kapena kuti kwabwera mashifiti. Pa shifiti amakusankhira nthawi ndi olemba ntchito, pomwe pano wosankha ndi wantchito mwini. N'chifukwa chake "maola odzisankhira" ndiwo mawu olunjika, pakuti akunena amene ali ndi mphamvu yosankha. Chigawo chinacho, choti onse apezeke, ena amachitcha "nthawi yofunika", ngati kuti maola otsalawo ndi ocheza. Maola onse ndi a ntchito ndipo onse amalipidwa. Chosiyanitsa chigawochi n'chakuti palibe wosowa, ndiye tingochitcha "maola a tonse".

Titenge chitsanzo cha ofesi ya anthu 8 yogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, maola 8 pa tsiku, 40 pa mlungu. Chitseko chimatsegulidwa 7 koloko m'mawa n'kukiyidwa 6 koloko madzulo. Maola a tonse ndi kuyambira 9 mpaka 12 koloko, ndiponso kuyambira 2 mpaka 4 koloko. Pakati pa 12 ndi 2 koloko munthu amasankha ola limodzi la nkhomaliro. Wolowa 7 koloko aweruka 4 koloko, wolowa 8 aweruka 5, wolowa 9 aweruka 6. Choncho pa maola 8 aja, 5 ndi a tonse ndipo 3 ndi odzisankhira. Mpata wa masanawo umathandizanso mayi wokatenga mwana kusukulu, kapena Msilamu wopita ku mapemphero Lachisanu, popanda kupempha chilolezo mlungu uliwonse.

Masamu ake ndi osavuta. Chovuta n'chiganizo chimene chimalembedwa, ndipo kawirikawiri chimaoneka chotere: "Antchito akupemphedwa kuti afike cha m'ma 9 koloko ndipo agwire ntchito nthawi yokwanira." Chiganizochi n'chaulemu, komano chili ndi zibowo zinayi.

Chibowo choyamba ndi "akupemphedwa". Pempho munthu amatha kulikana, ndipo tsiku limene bwana adzafunse wochedwa, wochedwayo adzayankha mosalakwa kuti anangopemphedwa. Chichewa chimasiyanitsa bwino chokakamiza ndi chololeza, ndipo dongosolo lonseli lagona pa kusiyana kumeneko. Pa maola a tonse tilembe kuti "muyenera". Pa maola odzisankhira tilembe kuti "muli ndi ufulu wosankha". Mawu akuti "mungathe" ndi "mukhoza" ndi abwino polankhula, koma papepala amasakaniza chilolezo ndi kuthekera, moti "mukhoza kuweruka 4 koloko" ena angakumve ngati "mwina mudzaweruka 4 koloko". Nawo mawu akuti "mudzaloledwa" amapereka chithunzi choti pali wina woti mukamugwadire kaye, zomwe zikuchotsa ufulu womwe chidziwitsocho chikulengeza. Amene akuopa kuti "muyenera" akumveka mwamwano akumbukire kuti ulemu wa Chichewa uli kale mu "mu-" wolemekeza uja, ndiponso m'kufotokoza chifukwa cha lamulo. Munthu wamkulu ukamuuza kuti misonkhano yonse izichitika m'maola amenewa kuti pasakhale woitanidwa ataweruka, wamulemekeza kuposa kumunyengerera ndi pempho lomwe si pempho.

Chibowo chachiwiri n'chaching'ono pochiona, koma n'chachikulu pa tanthauzo. "Afike" ndi lamulo la tsiku limodzi, pomwe "azifika" ndi lamulo la masiku onse. Kachigawo kakuti "-zi-" ndiko kamasandutsa chochitika kukhala chizolowezi. Mayi akauza mwana kuti "usese pabwalo" wamutuma lero lokha, koma akati "uzisesa pabwalo" wamupatsa ntchito yake. Lamulo la maola ndi la masiku onse, ndiye aneni ake onse avale "-zi-": muzifika, muzilemba, muzidziwitsa. Komanso mneni "kufika" payekha ndi woperewera. Munthu akhoza kufika pageti 9 koloko, n'kukayamba ntchito atamwa tiyi ndi kupereka moni m'zipinda zonse. Chimene ofesi ikufuna n'chakuti pofika 9 koloko akhale atayamba ntchito, ndipo tilembe momwemo. Ngati ena amagwirira ntchito kunyumba masiku ena, mneni "kupezeka" nayenso amafuna mnzake womumasulira: kupezeka pa desiki, kapena kupezeka pa foni ndi pa kompyuta.

Chachitatu ndi "cha m'ma". Pocheza mawuwa ndi okoma, chifukwa amapereka mpata kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Koma m'dongosololi mpata waperekedwa kale, maola awiri athunthu kuyambira 7 mpaka 9 koloko, ndipo malire ake ayenera kukhala akuthwa. Mawu a malire tili nawo: "kuyambira", "mpaka", "pofika", "isanakwane". Wolemba asankhe limodzi akudziwa chimene likunena. "Isanakwane 9 koloko" ikutanthauza kuti wofika 9 koloko yeniyeni wachedwa, pomwe "pofika 9 koloko" ikumulandira. Nawonso mawu a zigawo za tsiku sangaime okha. Palibe anthu awiri amene angagwirizane kuti masana amatha liti ndipo madzulo amayamba liti, choncho "muziweruka madzulo" si lamulo. Nambala itsogole, kenako "m'mawa", "masana" kapena "madzulo" atsatire pongoithandiza. Ena pofuna Chichewa chozama amalemba kuti "ola lachisanu ndi chinayi". Kutero n'kutalikitsa, ndipo kukhoza kusokoneza, pakuti owerenga Baibulo amadziwa kawerengedwe kena koyambira kutuluka kwa dzuwa, momwe ola lachitatu ndiye 9 koloko yathuyi. Mawu akuti "koloko" anakhazikika kale m'chinenero chathu ndipo palibe chochitira nawo manyazi. Tisamalenso kalembedwe ka "m'mawa". Chilembo choyambacho chikagwa pamatsala "mawa", ndipo uthenga woti msonkhano uliko m'mawa uno umasanduka woti uliko tsiku lotsatira.

Chachinayi ndi "nthawi yokwanira". Apa pasokonezeka mawu awiri amene dongosololi limawalekanitsa dala. Nthawi ndi pamene muvi wa wotchi waloza, pomwe maola ndi kuchuluka kwa ntchito imene yagwiridwa. Kale ziwirizi zinkayendera limodzi, chifukwa wosunga nthawi ankakhala wakwanitsanso maola. Tsopano munthu akhoza kusunga nthawi bwinobwino, kulowa 9 koloko n'kuweruka 4 koloko osaphonya maola a tonse, koma atagwira maola 6 okha. Akatero mlungu wonse, agwira maola 30 m'malo mwa 40, ndipo palibe amene angamuloze chala ngati chidziwitso sichinatchule nambala. Tilembe kuti "maola 8 pa tsiku, osawerengera ola la nkhomaliro". Mawu otsirizawo asasiyidwe, chifukwa mkangano woyamba umabuka pomwepo.

Ofesi ikafuna kuwerenga maola pa mlungu m'malo mwa pa tsiku, pamafunika mawu ena awiri. Amene wagwira maola 9 Lolemba wasunga ola limodzi, ndipo akhoza kulidya Lachisanu. Amene wagwira 7 ali ndi ngongole ya ola limodzi. "Maola osunga" ndi "ngongole ya maola" ndi mawu omveka kwa aliyense, ndipo chidziwitso chinene malire ake, mwachitsanzo maola 4 mbali iliyonse, ndi tsiku lobweza ngongoleyo. Cholakwika n'kutcha maola osunga kuti "maola oonjezera", chifukwa m'makutu a wantchito mawu amenewo ndi ovataimu, ndipo ovataimu ndi ndalama. Ovataimu amaipempha ndi olemba ntchito, pomwe maola osunga amawasankha ndi wantchito. Ku Malawi lamulo la ntchito la 2000 limaika malire a maola 48 pa mlungu kupatula ovataimu, ndipo chidziwitso cha pakhoma sichingafute zimene lamulo ndi mgwirizano wa ntchito zikunena pa malipiro. Kusakaniza mawu awiriwa n'kulonjeza ndalama mosadziwa.

Patsala mawu awiri ooneka ngati amodzi, "aliyense" ndi "onse". Aliyense ali ndi ufulu woweruka 4 koloko, koma onse akaweruka 4 koloko, kasitomala wobwera hafu pasiti 4 apeza mipando yokha. Chizindikiro choti dongosolo layamba kudwala chimaonekera pamenepa: foni kulira popanda woyankha 8 koloko m'mawa, ndi anthu awiri omwewo kutsala mpaka madzulo tsiku ndi tsiku akudandaula chamumtima. Ngati ofesi imalandira anthu kuyambira 8 mpaka 5 koloko, ufulu wa aliyense umafuna chiganizo chouikira mpanda, chonena kuti pazikhala anthu osachepera awiri pa maola amenewo, mosinthana, motsata ndandanda yotuluka Lachisanu lililonse. Nawo a maudindo asamaitanitse msonkhano 8 koloko m'mawa kapena hafu pasiti 4, pakuti akatero maola a tonse amakula mwakachetechete mpaka odzisankhira aja atha.

Tikasonkhanitsa zonsezi, chiganizo chobooka chija chimasanduka ichi: "Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, muli ndi ufulu wosankha nthawi yoyambira ntchito pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa, ndi yowerukira pakati pa 4 ndi 6 koloko madzulo. Muyenera kukhala pa ntchito nonse kuyambira 9 mpaka 12 koloko, ndiponso kuyambira 2 mpaka 4 koloko, chifukwa misonkhano yonse izichitika m'maola amenewa. Muzigwira maola 8 pa tsiku, osawerengera ola la nkhomaliro, ndipo muzilemba m'kaundula nthawi yolowera ndi yowerukira. Kuyambira 8 mpaka 5 koloko pazikhala anthu osachepera awiri olandira alendo, motsata ndandanda ya mlunguwo."

Musanachimate pakhoma, chiyeseni motere. Patsani anthu awiri, mesenjala ndi wowerengera ndalama, aliyense payekha, ndipo muwafunse kuti munthu wolowa hafu pasiti 8 aweruka nthawi yanji. Onse akayankha kuti hafu pasiti 5, chidziwitsocho chapsa. Akasiyana, musawadzudzule, bwererani ku chiganizo chimene chawasiyanitsa.