Mano, levulo ndi kutsika kwa denga: mawu a powonjezera nyumba ku Makuzi

Ku Makuzi, kufupi ndi Bandawe kumene amishoni a Livingstonia anakhazikika mu 1881, nyumba zambiri sizimangidwa kamodzi n'kutha. Munthu amayamba ndi zipinda ziwiri ndi pabalaza. Pakapita zaka, mwina mwana amene ali ku Joni akatumiza kangachepe, amaitana mmisiri kuti awonjezere chipinda. Akakhala pansi kukambirana, mmisiri amatchula mano, levulo, bimu ndi fulashing'i, ndipo mwini nyumba amangogwedeza mutu. Ndimaona kuti mawu amenewa ndi ofunika kuwamvetsa ndalama isanatuluke m'thumba, chifukwa onse akunena za vuto limodzi: nyumba yakale inamira kale m'nthaka mpaka inakhazikika, pamene yatsopano iyamba kumene kumira.

Khoma lililonse limatsika pang'ono likamalemera pa nthaka. Latsopano likamatsika, lakale lili chiimire, ndipo kukokanako kumaonekera pamene awiriwa akumana. N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi kukumba kadzenje m'mbali mwa khoma lakale kuti muone pamene maziko ake analekezera. Maziko atsopano afike pomwepo, pa nthaka yolimba. Vuto la m'mbali mwa nyanja ndi mchenga, umene umagumukira mu ngalande munthu akukumba. Mukakumba kupitirira pansi pa maziko akale, mchenga umene ukunyamula nyumbayo umakhuthukira mu ngalande yanu, ndipo mng'alu umatuluka pa khoma limene linali bwinobwino. Choncho pafupi ndi nyumba yakale amakumba kachigawo kakafupi, n'kuthira konkire tsiku lomwelo.

Mawu amene mudzawamva kwambiri ndi akuti mano. Mmisiri amazula njerwa imodzi pa mzere wachiwiri uliwonse wa khoma lakale, kuti njerwa zatsopano zilowe m'mipatamo n'kulumana ndi zakale. Ambiri amakhulupirira kuti mano ndiwo kulimba kwa nyumba, koma amagwira ntchito pokhapokha mizere ikafanana msinkhu. Njerwa zathu zimaumbidwa m'zikombole zosiyanasiyana. Tiyerekeze kuti mzere wakale, njerwa pamodzi ndi matope ake, ndi masentimita 9, pamene watsopano ndi masentimita 8. Mukamanga mizere isanu mwaphonya kale ndi masentimita 5, ndipo mmisiri amayamba kudzaza mpatawo ndi matope ochindikala. Mpamene mng'alu udzayambire. Ndi bwino kuyeza mizere khumi ya khoma lakale ndi tepi musanagule njerwa ngakhale imodzi.

Pali chinanso. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi njerwa zootcha koma zomangira dothi, simenti inangopita pa pulasitala. Khoma lotere ndi lofewa. Mukalilumiza mano ndi khoma la simenti, latsopano likamatsika limathyola kapena kuzula njerwa zakale, ndipo mng'alu wake umayenda mokhotakhota motsatira manowo. Pamenepa ine ndimakonda njira imene ena amaiona ngati ulesi: kusiya mzere woongoka pakati pa makoma awiriwa, n'kuwamangirira ndi waya wa bulikifosi kapena tizitsulo tolowetsedwa m'khoma lakale pa mzere wachitatu kapena wachinayi uliwonse. Popaka pulasitala amadula kamzere pamalumikiziropo, kuti kusuntha kukabwera kutsate mzere umene munaukonzeratu. Kamng'alu kowongoka, kopyapyala ngati ulusi, kamene sikakukula, sikoopsa. Woopsa ndi mng'alu wotseguka kwambiri kumwamba kusiyana ndi pansi, chifukwa ukusonyeza kuti chipinda chatsopano chikupendekera kunja. Matani kachidutswa ka simenti pamng'alupo. Kakasweka mvula itadutsa, nyumba ikuyendabe.

Pamwamba pa mawindo pamadutsa bimu, lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo amene amamanga makoma onse pamodzi. Tili m'chigwa cha zivomezi, ndipo chimene chinagwedeza Karonga mu Disembala 2009 chinagwetsa nyumba zambiri za njerwa. Ngati nyumba yakale ili ndi bimu, amasema kumapeto kwake mpaka zitsulo zioneke, n'kumangirirapo zatsopano. Ngati ilibe, bimu watsopano alowe ndithu m'khoma lakale, asangoligunda.

Levulo ndi mawu amene amasokoneza anthu, chifukwa mmisiri akawatchula amanena za pamwamba pa simenti yomalizidwa, pamene phazi lidzaponde. Amatenga paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, n'kulemba chizindikiro pa khoma mita imodzi kuchokera pansi pa nyumba yakale, kenako n'kuchisamutsira kunja. Kuchokera apo amawerenga chotsika: masentimita 2.5 a simenti yosalaza, 7.5 a silabu, pepala lakuda loletsa chinyezi, 5 a mchenga, ndi 15 a miyala yotsendera. Zonse pamodzi ndi masentimita 30, ndiye kuti dothi lotsendedwa lilekezere masentimita 130 pansi pa chizindikiro chija. Wothira silabu molingana ndi pansi pakale amaiwala simenti yosalaza, ndipo pakhomo pamatsala kachitunda kopunthwitsa agogo usiku. Pepala la m'khoma, limene amati dipisi, likumane ndi lakale pa mzere umodzi, masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya panja.

Tsono levulo ya pansi ndi denga ndi nkhani imodzi, ndipo apa mpamene nyumba zambiri zowonjezera zimaonongekera. Tinene kuti banja likufuna chipinda cha mamita 3.6 m'lifupi kuseri kwa nyumba, denga lake lotsetserekera mbali imodzi, loyambira pansi pa malata akale. Malo oyambirawo ali mamita 2.5 kuchokera pansi. Kuti madzi athamange pa malata wamba a mizere, denga liyenera kutsika pafupifupi mita imodzi pa mamita 6 aliwonse. Pa chipinda chathuchi ndi masentimita 60, choncho khoma lakunja litsala mamita 1.9, ndipo felemu ya chitseko, imene imapitirira pang'ono mamita 2, silowa.

Mmisiri wofuna kusangalatsa bwana amachita chimodzi mwa ziwiri. Amagoneka denga, ndipo ku Nkhata Bay, boma limene limalandira mvula yambiri m'Malawi muno, madzi amabwerera m'malumikiziro a malata n'kudontha. Kapena amatsitsa pansi pa chipinda, ndipo chinyezi cha m'nthaka chimakwera, pulasitala n'kuyamba kutuwa ndi kusupuka m'munsi. Njira yabwino ndi kuchotsa malata akumunsi a denga lakale, kuyambitsa mitengo ya denga latsopano chapamwamba, n'kulowetsa malata atsopano pansi pa akale masentimita 25 kapena 30. Pamene malo alola, kuwonjezera nyumba chakumbali ya gebulo n'kosavuta koposa, chifukwa msonga ndi kutsetsereka kwa denga zimangopitirira monga zinalili.

Denga latsopano likagunda khoma pamafunika fulashing'i, lata lopindidwa limene mbali ina imalowa mu mzere wosemedwa m'khoma, ina n'kuphimba malata. Kumata simenti pamenepo sikuthandiza, popeza lata limafutukuka ndi dzuwa n'kubwerera usiku, simenti n'kusweka. Malata atsopano akhalenso a mizere yofanana ndi akale, chifukwa a IBR salumikizana bwino ndi wamba. Ndipo poti mwera umawomba mwamphamvu kuchokera kunyanja m'miyezi yozizira, mitengo ya denga imangidwe ndi waya wokwiriridwa mu bimu kapena mizere ingapo kuchokera pamwamba pa khoma. Waya ameneyu amaikidwa khoma likumangidwa, choncho mwini nyumba afunse za wayayu njerwa zisanafike pa mawindo.