Gwero loyesera

Gwero loyesera ndi magetsi ongoganizira amene timalowetsa pa nsonga ziwiri za dera la magetsi pofuna kudziwa rezisitansi ya dera lonselo, imene imatchedwa ya Thévenin. Timalifuna pamene m'deramo muli gwero lodalira, limene mphamvu yake imatsatira karenti kapena voteji ya malo ena m'dera lomwelo. Mathiranzisita a m'ampulifaya amawerengedwa motere.

Poyamba timazimitsa magwero odziyimira paokha: la voteji timaikapo waya, la karenti timadula. Lodalira sitilikhudza. Kenako tilowetsa ampeya 1 pa nsongazo, tiwerenge voteji V imene yabuka, ndipo R = V/I.

Tinene kuti rezisita ya maomu 4, yodutsa karenti i, yalumikizidwa motsatizana ndi gwero lodalira la mavoti 2i lokankha motsutsana ndi karentiyo. Tikalowetsa ampeya 1, rezisita itenga mavoti 4, gwero litenga 2, pamodzi 6. Choncho R ndi maomu 6. Wophunzira amene wazimitsa gwero lodaliralo apeza 4, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kulowetsa maampeya 2 kupereka mavoti 12, yankho ndi lomwelo. Timasankha 1 kuti kugawa kuphweke.

Gwero lodalira lija likatembenuzidwa n'kukhala 6i, yankho ndi 4 − 6 = −2. Sikuti masamu alakwika ayi. Deralo likupereka mphamvu kwa gwero loyesera m'malo molandira.