Chotsala pa Katundu ndi Funso la Lendi m'Golosale

Chotsala pa katundu ndi ndalama imene imatsala pa mtengo wogulitsira mukachotsa zonse zimene zatuluka chifukwa cha katunduyo: mtengo woodera, thiransipoti yochokera ku holoselo, majumbo ndi zowonongeka. Lendi ndi malipiro a wogulitsa sizilowa m'menemo, chifukwa mwezi ukatha zimalipidwa ndithu, kaya malonda ayenda kaya ayi. Choncho lendi siyenera kugawiridwa katundu mmodzimmodzi. Imalipidwa kuchokera m'thumba limodzi momwe zotsala zonse zasonkhana.

Tiyerekeze golosale yolipira lendi ya K150,000 ndi malipiro a K130,000 pamwezi, zonse pamodzi K280,000. Paketi ya shuga yoodedwa pa K2,800, yonyamulidwa pa K50 ndi kugulitsidwa pa K3,000 imasiya K150, ndipo mapaketi 600 amasiya K90,000. Sopo amasiya K120,000. Zakumwa zozizira zimasiyanso K120,000, koma magetsi a filiji, K30,000, ndi azakumwazo pazokha, popeza zitasiya kugulitsidwa filijiyo ingazimitsidwe. Zimatsala ndi K90,000. M'thumba muli K300,000, ndipo phindu ndi K20,000. Tsono mwini golosale akagawa K280,000 ija potengera kuchuluka kwa malonda, shuga, amene amabweretsa theka la ndalama za m'kabati, amasenzetsedwa K140,000 n'kuoneka ngati akuluzitsa K50,000. Akamuchotsa pashelefu, mwini nyumba sachepetsa lendi ndipo wogulitsa salandira zochepa. M'thumba mumatsala K210,000, golosale n'kuyamba kuluza K70,000 pamwezi. Apa sitinawerengere n'komwe makasitomala amene ankabwerera shuga n'kugulako sopo.

Muyeso wake ndi funso limodzi: katunduyu atachoka, kodi ndalama iyi isiya kutuluka? Ngati isiya, ndi yake, monga magetsi a filiji kapena malipiro a munthu wolembedwera kudula nyama yokha. Ngati sisiya, ndi ya golosale yonse.

Ena amatsutsa kuti katundu akapanda kusenza lendi, mwiniwake azitsitsa mitengo mpaka lendiyo kusowa woilipira. Nkhawayi ndi yomveka, chifukwa chotsala si phindu, ndipo ambiri amagwa podya chotsala mwezi usanathe. Koma mankhwala ake si kugawa lendi. Ndi kudziwa kuti thumba liyenera kufika K280,000, n'kumaona sabata iliyonse pamene lafika. Mtengo ukatsitsidwa, pawerengedwe mapaketi owonjezera ofunika kuti chotsala chibwerere pakale: shuga akatsika ndi K50, chotsala chimagwa kufika K100, ndipo pamafunika mapaketi 900 m'malo mwa 600.

Pamene otsutsawa ali ndi mfundo yolimba ndi pa malo. Shelefu ikadzaza, katundu aliyense amatsekereza wina, ndiye ayerekezedwe ndi chotsala chimene malo akewo amabweretsa pamwezi, osati cha paketi imodzi. Botolo la mafuta odzola losiya K1,500 koma lochita fumbi miyezi itatu limagonja kwa shuga wa K150 wotuluka tsiku ndi tsiku. Shuga angachotsedwe pokhapokha patapezeka katundu amene pamalo omwewo angasiye zoposa K90,000.