Kuyerekeza kukula kwa msika wa golosale poyambira pansi

Kuyerekeza kukula kwa msika poyambira pansi ndi njira yodziwira kuchuluka kwa katundu amene anthu a dera lina amagula pa sabata kapena pa mwezi. Munthu amayamba ndi zinthu zimene angathe kuziwerenga yekha, monga mabanja okhala pafupi ndi zimene banja limodzi limagula, kenaka n'kuchulukitsa. Mawu oti "msika" pano sakunena malo a mabenchi ndi mashedi, koma anthu onse amene angagule chinthucho pamodzi ndi ndalama zimene amawonongerapo. Njirayi imagwiritsidwa ntchito ndi amene akufuna kutsegula golosale kapena okala, asanalipire lendi ndi kuika mpamba wake m'katundu.

Kusiyana kwake ndi kuyambira pamwamba

Njira inayo imayamba ndi chiwerengero chachikulu n'kumachigawa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo banja limodzi limakhala ndi anthu pafupifupi 4.4, kutanthauza mabanja pafupifupi 4 miliyoni. Munthu akhoza kunena kuti, "Mabanja onsewa amafuna sopo ndi mchere, ndikangopezapo kachigawo kakang'ono ndalemera." Kwa kampani yopanga sopo kuganiza kotere kuli ndi ntchito yake. Kwa golosale kulibe ntchito, chifukwa mayi wa ku Karonga sadzabwera kudzagula mchere ku Ndirande. Golosale imakhala ndi moyo chifukwa cha anthu amene angafikepo wapansi, kawirikawiri mwana wotumidwa madzi a tiyi ali pamoto. Choncho funso si lakuti dziko lili ndi anthu angati, koma lakuti ndi makomo angati amene angatume mwanayo pa golosaleyi osati pa ina.

Kudula malire ndi kuwerenga mabanja

Ntchito yoyamba ndi kudziwa pamene dera la golosale likuthera. Woyerekeza amaima pamalo pamene akufuna kutsegula, n'kuyenda mphindi 5 mpaka 10 m'njira iliyonse yochoka pamenepo. Malirewo satuluka ozungulira ngati mmene angaonekere pamapu. Msewu waukulu wa magalimoto ambiri umadula dera, popeza makolo safuna kuti ana aziwoloka. Khwawa lopanda mlatho limadulanso, makamaka nthawi ya dzinja. Kumene kuli msika weniweni kapena golosale yaikulu, malire amathera pakati pa njira, chifukwa okhala kutsidya kwake alibe chifukwa chodutsa malo ogulira apafupi n'kubwera kuno.

M'kati mwa malirewo amawerenga mabanja, osati anthu, ndiponso osati mapoloti. Banja pano ndi anthu odyera mphika umodzi, chifukwa ndiwo amagula paketi imodzi ya shuga. M'madera a m'tauni okhala mothithikana, poloti imodzi imatha kukhala ndi nyumba ya mwini wake kutsogolo ndi mzere wa nyumba za lendi kuseri. Wowerenga mageti ali mumsewu amaphonya ambiri mwa makasitomala ake. Njira yachidule ndi kuwerenga mapoloti onse, kenaka kulowa m'mapoloti 10 osiyanasiyana ndi kuwerenga makomo amene mukuphikidwa. Amfumu a m'deralo kapena alangizi a zaumoyo nthawi zambiri amakhala ndi kaundula wa mabanja, ndipo ndi bwino kufananiza naye.

Chitsanzo cha shuga

Manambala ndi mitengo ya m'chitsanzochi ndi yongoyerekeza, yoonetsera kawerengedwe kake.

Mayi wina akufuna kutsegula golosale m'dera la mapoloti 60. Atalowa m'mapoloti 10 wapeza mabanja 40, ndiye kuti mabanja 4 pa poloti. Dera lonse lili ndi mabanja pafupifupi 240.

Kenaka wacheza ndi mabanja 30, ena a kumsewu, ena a kuseri, ena eni nyumba, ena a lendi. Sanawafunse kuti, "Kodi ndikatsegula muzidzagula kwa ine?" Funso limenelo aliyense amavomera chifukwa cha ulemu, ndipo yankho lake silingawerengedwe. Wawafunsa za zimene zinachitika kale: shuga amene ali m'nyumbamo anamugula liti, kuti, ndipo wochuluka bwanji. Mabanja 6 anena kuti sagula shuga kawirikawiri. Mabanja 8 amagula m'tauni mwezi ukatha, pamodzi ndi zina zonse za pakhomo. Otsala 16 ndiwo amagula m'magolosale a m'deralo, ena paketi yathunthu, ena woyeza pang'onopang'ono, ndipo zonse zikaphatikizidwa banja limodzi limatha pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa mwezi.

Kuwerengera kumayenda motere. Mabanja 16 mwa 30, atawayerekeza ndi dera lonse la mabanja 240, akutipatsa mabanja 128. Mabanja 128 kuchulukitsa ndi makilogalamu 1.5 ndi makilogalamu 192 pa mwezi. Paketi ya kilogalamu imodzi ikakhala pa K3,000, msika wa shuga wa magolosale a m'deralo ndi K576,000 pa mwezi.

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. K576,000 si ndalama za mayiyu, ndi za dera lonse. M'deralo muli kale magolosale atatu, yake idzakhala yachinayi. Kubwera kwake sikupangitsa anthu kuthira masupuni ambiri m'tiyi, amangogawana ndi anzakewo shuga yemwe uja. Atagawana mofanana, iye agulitsa makilogalamu 48 pa mwezi, omwe ndi mabelo awiri a mapaketi 20 ndi mapaketi ena 8. Ngati pa paketi iliyonse akupindula K250, shuga akumupatsa K12,000 pa mwezi. Ndiponso kugawana mofanana n'kudzikomera mtima, popeza wofika kumene amayamba ndi gawo lochepa. Anthu ali kale ndi kumene anazolowera, ndipo ena anamangika kumeneko ndi kabuku ka ngongole.

Kuphatikiza katundu wina

Golosale imagulitsa zinthu zambiri, koma sikofunika kuwerengera chilichonse mpaka singano ndi machesi. Amasankha zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene zimayenda tsiku ndi tsiku, monga buledi, mafuta ophikira, sopo, mazira ndi mchere, n'kuchita chimodzimodzi pa chilichonse.

M'chitsanzo chathu, tinene kuti magolosale a m'deralo amagulitsa malofu 60 a buledi pa tsiku. Gawo la mayiyu ndi malofu 15, ndipo pa K100 ya phindu pa lofu akupeza K1,500 pa tsiku, kapena K45,000 pa mwezi. Phindu la pa lofu ndi lochepa kuyerekeza ndi la pa paketi ya shuga, koma buledi akubweretsa ndalama zoposa katatu chifukwa amagulidwa m'mawa uliwonse. Zinthu zotere sizioneka munthu akamangoyang'ana mashelefu a anzake.

Shuga ndi buledi pamodzi akupereka K57,000. Lendi ya kachipinda ikakhala K40,000, ndipo magetsi, mayendedwe okapikula katundu ndi chiphaso cha bizinesi zikatenga K15,000, zotsala ndi K2,000 basi. Ndiye kuti malipiro a mwini wake onse ayenera kuchokera ku mafuta, sopo, mazira ndi zina zotsalazo. Akaziwerengera n'kupeza kuti sizikukwana, wadziwa zimenezi atangowononga kope ndi masiku angapo oyenda m'makomo. Akhoza kufuna malo a lendi yotsika, kuyamba ndi okala pakhomo pake, kapena kupita ku dera la magolosale ochepa.

Kutsimikiza zotsatira

Nambala yochokera m'makomo iyenera kuyesedwa ndi nambala ina yochokera kumbali ya ogulitsa. Ngati msika wa shuga ulidi makilogalamu 192, ndiye kuti iliyonse mwa magolosale atatu aja ikugulitsa pafupifupi makilogalamu 64, omwe ndi mabelo atatu ndi pang'ono pa mwezi. Eni magolosale sangaulule izi kwa munthu amene akubwera kudzapikisana nawo, koma a kabaza amene amawanyamulira katundu amadziwa, ndipo galimoto ya buledi imatsitsa makileti poyera. Zikapezeka kuti aliyense amaoda mabelo atatu pa mwezi, onse pamodzi ndi makilogalamu 180, ndipo manambala awiriwo akugwirizana mokwanira. Zikapezeka kuti amaoda belo limodzi lokha, pali pamene palakwika: mwina malire anakula mopyola, kapena ofunsidwa anakokomeza kuti asaoneke osauka. Zikapezeka kuti amaoda mabelo asanu ndi limodzi, pali ogula ena amene sanawerengedwe, monga amayi ophika mandasi, zipinda zomwera tiyi kapena anthu ongodutsa.

Njira ina ndi kukhala chapatali ndi golosale yomwe ilipo kale n'kumawerenga olowa, m'mawa, masana ndi madzulo. Tsiku limodzi silokwanira. Sabata ya malipiro ndi sabata ya pakati pa mwezi zimasiyana kwambiri.

Zolakwika ndi malire a njirayi

Vuto lalikulu la njirayi lili m'kuchulukitsa komweko. Yankho limachokera ku manambala anayi: mabanja, gawo la ogula pafupi, kuchuluka kwa zimene amagula, ndi gawo la golosaleyo. Munthu wofunitsitsa kutsegula amakweza iliyonse pang'ono osazindikira. Akakweza iliyonse ndi 20 peresenti yokha, yankho lomaliza limatuluka loposa kawiri lenilenilo, chifukwa 1.2 × 1.2 × 1.2 × 1.2 ndi 2.07.

Mabanja 30 ndi ochepanso. M'chitsanzo chija banja limodzi lofunsidwa likuimira mabanja 8 a m'deralo. Ogula pafupi akanakhala 13 m'malo mwa 16, msika ukanakhala makilogalamu 156, ndipo akanakhala 19 ukanafika 228. Gawo la mayi uja lili penapake pakati pa makilogalamu 39 ndi 57. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba nambala yotsika ndi yokwera, n'kuona ngati lendi ingalipidwe ndi yotsikayo.

Nyengo imasinthanso zinthu, makamaka m'madera a alimi. Kuwerengera kochitika mu Juni, anthu atangogulitsa zokolola, kumaonetsa msika wonenepa umene sudzapezeka mu Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama zochepa zimene zilipo zimapita ku chimanga. Mitengo nayo imasuntha. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mawerengero amene anali atalembedwa m'makwacha okhaokha anatha ntchito m'masabata ochepa. Kulemba m'makilogalamu, malofu ndi malita kumathandiza kuti mtengo watsopano ungoikidwapo, ngakhale kuti mitengo ikakwera kwambiri mabanja amachepetsanso zimene amagula.

Pomaliza, njirayi imawerenga katundu wotuluka, osati ndalama zolowa. M'magolosale ambiri a m'makwalala gawo lina la katundu limatengedwa pa ngongole yobweza mwezi ukatha. Paketi ya K3,000 imodzi yosalipidwa imadya phindu la mapaketi 11 otsatira, popeza mwini wake anaipikula pa K2,750.